QPSK, 16-QAM, 64-QAM kapena 256-QAM: liwiro mumaligula ndi chiyani, nanga linki yanu ikwanitsa iti?

Pali funso limene limabwera pafupipafupi kwa anthu amene akulumikiza manyumba awiri ndi timarediyo ta Wi-Fi tapadenga, kaya ndi ofesi ndi weyahausi, kaya ndi sukulu ndi nyumba za aphunzitsi. Munthu amatsegula tsamba la rediyo yake n'kuona kuti yalemba 64-QAM pomwe pakatoni analemba kuti imafika 256-QAM, ndiye amayamba kusaka pokanikiza kuti ikwere basi, chifukwa nambala yayikulu imaoneka ngati ndiye yabwino. Zimandipweteka ndikaona munthu akuononga linki imene imayenda bwinobwino chifukwa cha nambala imeneyo, ndiye ndati ndifotokoze bwino kuti kukwera kulikonse kumagulidwa ndi chiyani, kenako tiyerekeze njira zimene munthu ali nazo pa linki imodzi yeniyeni.

Tiyambe ndi bawo. Thabwa la bawo lili ndi maenje 32, ndipo ukamaseweretsa dzanja pafupi suphonya. Tsopano tangoganizani kuti mwaima patali ndipo mukuponya nkhomo imodzi pathabwa, mnzanu ali pafupi ndi thabwalo akuwerenga dzenje limene yagwera, ndipo munagwirizana kale kuti dzenje lililonse lili ndi tanthauzo lake. Thabwa likakhala ndi maenje anayi okha akuluakulu, olo dzanja linjenjemere kapena mphepo ikankhe pang'ono, nkhomo igwerabe m'dzenje loyenera, kungoti kuponya kumodzi kukunena zochepa. Mukagawa thabwa lomwelo kukhala maenje 256, kuponya kumodzi kukunena zambiri, koma maenje aja asanduka ting'onoting'ono tothithikana moti kamphepo kochepa kokha kakugwetserani nkhomo m'dzenje loyandikana nalo ndipo mnzanu awerenga zolakwika. QAM ndi imeneyi ndendende. Kukula kwa thabwa ndi mphamvu imene rediyo ikutumiza, ndipo sikukula chifukwa choti mwawonjezera maenje. Mphepo ija ndi phokoso, mafunde osafunika amene amasakanikirana ndi siginolo.

Mkati mwa rediyo zimakhala motere. Pali mafunde awiri a fulikwense imodzi, lina latsogola linzake ndi madigiri 90, amawatcha I ndi Q. Chifukwa cha kusiyana kwa madigiri 90 kumeneko wolandira amatha kuwalekanitsa ngakhale anayenda limodzi mumlengalenga. Wotumiza amasankha msinkhu wa I ndi msinkhu wa Q, ndipo awiriwo pamodzi amapanga dontho limodzi pathabwa lathu lija, I kunena kuti lili chakumanja kapena chakumanzere motani, Q kunena kuti lili m'mwamba kapena m'munsi motani. QPSK, imene ili 4-QAM tikaiyang'ana bwino, ili ndi misinkhu iwiri mbali iliyonse, madontho 4, ndiye dontho lililonse limanyamula mabiti 2. 16-QAM ili ndi misinkhu inayi mbali iliyonse, madontho 16, mabiti 4. 64-QAM mabiti 6, 256-QAM mabiti 8, 1024-QAM mabiti 10, 4096-QAM mabiti 12. Onani kuti madontho akuchuluka kanayi nthawi iliyonse koma mabiti akungowonjezeka awiri okha, nkhani yonse yagona pamenepa.

Mtengo wake tingauwerenge ndi pensulo. Tiike madontho pa misinkhu 1, 3, 5, 7 ndi mnzake wa mbali inayo, kuti mpata pakati pa madontho oyandikana ukhale 2 nthawi zonse, kutanthauza kuti phokoso likufunika kukankha dontho mtunda wofanana kuti lilakwitse. Mphamvu imene ikufunika, tikatenga pakatikati pa madontho onse, imatuluka ndi kafomula aka, M kukhala chiwerengero cha madontho:

```
E = 2(M - 1) / 3
```

QPSK ikupereka 2, 16-QAM ikupereka 10, 64-QAM 42, 256-QAM 170, 1024-QAM 682. Ndiye kuti muchoke pa QPSK kupita pa 16-QAM popanda kuchepetsa mpata wa madontho mukufunika mphamvu kasanu, amene ndi 7 dB, dB kukhala muyeso woyerekezera mphamvu ziwiri, ndipo kuchokera pamenepo sitepe iliyonse ikufuna mphamvu pafupifupi kanayi, amene ndi 6 dB. Kuchoka pa QPSK kukafika pa 256-QAM ndi mphamvu ka 85, kupitirira pang'ono 19 dB, kuti mupeze liwiro lochuluka kanayi kokha. Ndipo poti rediyo yanu siingakweze mphamvu ka 85, chimene chimachitika kwenikweni ndi choti thabwa limakhala lomwelo, mpata ndi umene umachepa, ndiye siginolo ikuyenera kuposa phokoso ndi ma dB ochuluka choncho kuti wolandira asasokonezeke.

Tsono taonani chimene mukulandira pa mtengo wofananawo. Sitepe yoyamba, mabiti 2 kupita 4, liwiro lawirikiza kawiri. Yachiwiri, 4 kupita 6, lawonjezeka ndi theka. Yachitatu, 6 kupita 8, gawo limodzi mwa atatu. Kenako 25 peresenti, kenako 20 peresenti pa 4096-QAM. Mtengo sukutsika, ndi 6 dB yomweyo, koma katundu amene mukupatsidwa akunka nachepa. Ndipo 6 dB si kanthu kakang'ono ayi, pamalo opanda chotchinga 6 dB ndi kudula mtunda pakati, linki imene imagwira pa makilomita anayi tsopano igwire pa awiri. Claude Shannon anaonetsa kale mu 1948 kuti malire ake ndi amenewa, siginolo ikakhala yamphamvu kale kuposa phokoso, kuwirikiza mphamvu kawiri kumangokupatsani biti imodzi pa sekondi pa Hz iliyonse, palibe kampani imene ingazembe zimenezi ndi fimuweya yatsopano.

Tibwere ku manambala amene mumawaona pasikirini. Ndigwiritsa ntchito muyezo wa Wi-Fi wotchedwa 802.11ac, chanelo ya 20 MHz, mtsinje umodzi wa deta, chifukwa timarediyo tambiri tapadenga ta 5 GHz tinamangidwa pa maziko amenewa. Mu chanelo imeneyi muli timafunde ting'onoting'ono 52 tonyamula deta, ndipo kalikonse kamatumiza dontho limodzi pa mamaikulosekondi 4 aliwonse, ndiye madontho 13 miliyoni pa sekondi. Chulukitsani ndi mabiti a dontho limodzi, kenako chotsani gawo limene limapita ku mabiti okonzera zolakwika. Mukaona 3/4 pambali pa dzina ndiye kuti pa mabiti anayi aliwonse atatu ndi deta yanu, imodzi ndi yothandiza wolandira kukonza pamene palakwika. 64-QAM 5/6 ikhala 13 kuchulukitsa ndi 6 kuchulukitsa ndi 5/6, yankho 65 Mbps, imene pasikirini imalembedwa MCS 7, MCS kukhala nambala ya sitepe imene rediyo ili.

Muyezo womwewo umanenanso siginolo yofooketsetsa imene wolandira aliyense ayenera kukwanitsa kumva pa sitepe iliyonse. QPSK 1/2 imapereka 13 Mbps ndipo imafuna -79 dBm. 16-QAM 1/2 ndi 26 Mbps pa -74, 16-QAM 3/4 ndi 39 Mbps pa -70. 64-QAM 2/3 ndi 52 Mbps pa -66, 64-QAM 5/6 ndi 65 Mbps pa -64, ndipo 256-QAM 3/4 ndi 78 Mbps pa -59. Kwa amene manambala a mainasi amawasokoneza, -59 ndi siginolo yamphamvu kuposa -79, yamphamvu ka 100. Marediyo abwino amamva bwino kuposa manambala amenewa ndi ma dB angapo, chifukwa awa ndi malire ongokhozera mayeso, ndiye pa linki yanu gwiritsani ntchito a pa pepala la rediyo yanuyo, koma mipata pakati pa masitepe imakhala yofananako ndipo ndi mipatayo imene ndikufuna muione.

Pali kanthu kamene ndimakakonda m'manambala amenewa. Kuchoka pa 52 kufika 65 Mbps mwalipira 2 dB yokha, chifukwa madontho ndi omwewo 64, mwangochepetsa mabiti okonzera. Kuchoka pa 65 kufika 78, ma Mbps 13 omwewo, mwalipira 5 dB. Ndiye si 13 Mbps iliyonse imene ili pa mtengo umodzi.

Tsopano linki yathu. Tiyerekeze kuti ndi makilomita awiri, pa 5500 MHz, rediyo iliyonse ikutulutsa 20 dBm, amene ndi mamiliwati 100, ndi antena ya 16 dBi mbali iliyonse, kutanthauza kuti imawonjezera 16 dB kumene yaloza. Mlengalenga mopanda chotchinga pa mtunda umenewu mumadya pafupifupi 113 dB. Ndiye 20 kuphatikiza 16 kuphatikiza 16 kuchotsa 113, wolandira akuona -61 dBm. Imeneyi ndi ya mu Seputembala, kuli gwa, mlambe umene uli pakati pa njira ulibe tsamba ndi limodzi lomwe. Ikafika Disembala mlambe uja wavala masamba ndipo anyowa, tinene kuti ukudya 7 dB, siginolo yatsika kufika -68. Anthu ambiri amaloza mvula yeniyeniyo koma pa 5 GHz ndi makilomita awiri madontho a mvula amadya zochepa kwambiri, olakwa nthawi zambiri amakhala masamba onyowa, madzi amene alowa mu konekita, kapena mphepo imene yapotoza paipi ya antena. Ndipo mtengo sukufunika kutchinga mzere weniweni wa maso kuti uyambe kudya, funde limafuna mpata kuzungulira mzerewo, pakati pa linki ngati iyi mpata wake ndi mamita pafupifupi asanu ndipo osachepera atatu mwa iwo ayenera kukhala opanda kanthu.

Njira yoyamba ndi imene anthu amaithamangira, kukhomerera rediyo pa 256-QAM. Pa -61 muli kale 2 dB pansi pa -59 imene muyezo umafuna, rediyo yabwino mwina igwira mwa apo ndi apo m'chilimwe, koma ilibe popumira. Vuto la QAM yokwera ndi loti siimafooka pang'onopang'ono ngati wailesi yakale imene imangowonjezera kuphwephwetera mawu akumvekabe, iyo imagwa ngati munthu wafika pa phompho, ma dB awiri kapena atatu okha amasiyanitsa linki yoyera ndi linki imene mapaketi ambiri akufika owonongeka. Paketi ikawonongeka imatumizidwanso, ndipo nthawi imene yatayika siibwerera. Mwachitsanzo mapaketi anayi mwa khumi aliwonse akamalephera, 78 Mbps ija yatsala 47, pansi pa 65 imene munaikana, ndipo pamwamba pa izo pingi, nthawi imene paketi imatenga kupita ndi kubwerera, yayamba kudumphadumpha, mafoni oimbirana pa intaneti akudukaduka. Mu Disembala pa -68 linki imeneyi ndi yakufa basi. Njira iyi pa linki iyi ine sindingaivomereze ngakhale pang'ono.

Yachiwiri, kukhomerera pa 64-QAM 5/6. Mu Seputembala muli ndi 3 dB yotsala, 65 Mbps, zinthu zikuyenda. Mu Disembala mwaperewera 4 dB ndipo ngakhale 64-QAM 2/3 imene imafuna -66 siikwanira. Miyezi ya mvula yonse mukhala mukulandira mafoni.

Yachitatu ndi 16-QAM 3/4, 39 Mbps chaka chonse. Mu Seputembala muli ndi 9 dB yosungira, mu Disembala yatsala 2. Anthu amainyoza njira imeneyi chifukwa nambala yake ndi yaing'ono koma taganizani, ngati intaneti imene ikulowa pa ofesi yaikuluyo ndi 20 Mbps, kodi 65 kapena 78 mukuifuniranji? Kumbukiraninso kuti nambala ya pasikirini si imene mafayilo anu amayendera, Wi-Fi imadya gawo lina pa mitu ya mapaketi, kudikirirana ndi kuyankhana, ndiye chimene mumachiona pokopera fayilo chimakhala chotsikirapo ndithu. Komabe pa ntchito ya maimelo, sisitimu ya masitoko ndi kamera imodzi kapena ziwiri, 16-QAM yokhazikika imaposa 64-QAM yogwaigwa, ndipo amene akugwiritsa ntchito linkiyo sadzadziwa n'komwe kuti kunja kuli mlambe.

Yachinayi ndi imene ndimafuna anthu aziiganizira asanathamangire madontho ambiri, kukulitsa chanelo. Phokoso lachilengedwe la kutentha limakula molingana ndi kutambalala kwa chanelo, pa 20 MHz lili pafupifupi -101 dBm rediyo isanawonjezerepo lake, ndipo mukapita pa 40 MHz limakwera ndi 3 dB yokha pomwe timafunde tonyamula deta tachoka pa 52 kufika 108. Ndiye 3 dB ikukugulirani liwiro lopitirira kawiri, pomwe kwina kuja 6 dB imakugulirani gawo limodzi mwa atatu. Taonani izi, 16-QAM 3/4 pa 40 MHz imapereka 81 Mbps ndipo imafuna -67 dBm, pomwe 256-QAM 3/4 pa 20 MHz imapereka 78 Mbps ndipo imafuna -59. Liwiro lofanana, koma yoyambayo ikupirira 8 dB yochuluka. Pa linki yathu mu Seputembala 81 Mbps ikuyenda ndi 6 dB yotsala, mu Disembala mutsikira pa 16-QAM 1/2 imene pa 40 MHz ndi 54 Mbps pa -71, kuposabe 39 ija ndipo muli ndi 3 dB m'thumba.

Koma njira imeneyi ili ndi pogwira pake ndipo ndi pakulu. Masamu onsewa akuganiza kuti phokoso lokhalo ndi lachilengedwe lija. Kumudzi kapena kunyanja kumene rediyo yanu ili yokha mumlengalenga ndi zoona, kulitsani chanelo musaope. Pakati pa tauni, padenga pamene paliponse mukayang'ana pali mbale ya antena ya munthu wina, chanelo yotambalala ndi khomo lotambalala, mukulowetsa marediyo a anansi ochuluka, ndipo phokoso lawo likhoza kukwera ndi ma dB ochuluka kuposa 3 ija. Kumeneko nthawi zina chanelo yopapatiza yoyera yokhala ndi 64-QAM imaposa yotambalala yodetsedwa. Musaganizire, pangani sikani kaye, marediyo ambiri apadenga ali ndi chida choonera chanelo chili kale mkati.

Yachisanu ndi kugula ma dB enieni. Apa ambiri amathamangira kukweza mphamvu ya rediyo mpaka kumapeto, ndipo amadabwa kuona siginolo yakwera koma liwiro latsika. Chifukwa chake ndi ichi. Madontho a QPSK onse ali pa mtunda wofanana kuchokera pakati, koma a 64-QAM ndi 256-QAM ena ali pafupi ndi pakati ena ali kutali kumakona, ndipo ampulifaya ikakankhidwa kufika kumalire kwake imalephera kutulutsa misinkhu ikuluikuluyo mokwanira, madontho akumakona amafinyikira mkati n'kuyandikira anzawo. Zili ngati sipika ya pa ukwati imene aikweza mopyola, mawu ndi okwera koma sakumveka. Rediyo yadzipangira yokha phokoso lisanachoke n'komwe padenga panu, ndipo phokoso limeneli limakwera limodzi ndi siginolo, ndiye kuyandikira kapena kuwonjezera mphamvu sikulichotsa. Muyeso wake amautcha EVM, kutalika kwa pamene dontho lagwera kuchokera pamene limayenera kugwera. Muyezo umalola wotumiza kuphonya ndi -10 dB pa QPSK 1/2, pafupifupi 32 peresenti, koma pa 64-QAM 5/6 umafuna -27 dB, pansi pa 5 peresenti, pa 256-QAM 3/4 umafuna -30 dB, pafupifupi 3 peresenti, ndipo pa 1024-QAM ya Wi-Fi 6 ndi -35 dB, pansi pa 2 peresenti. N'chifukwa chake mukawerenga pepala la rediyo mumapeza kuti mphamvu yotumizira pa MCS yapamwamba ndi yotsika kuposa ya pa MCS yapansi. Mukulipira kawiri, wolandira akufuna zambiri pomwe wotumiza akupereka zochepa. Osaiwalanso kuti mphamvu yotuluka pa antena ili ndi malire a lamulo, kuno kwathu amayang'anira ndi a MACRA.

Ma dB abwino amachokera ku antena ndi kukwera kwa paipi. Sinthani ma antena a 16 dBi aja muike mbale za 23 dBi mbali zonse, ndipo tinene kuti mwatsitsa mphamvu ya rediyo ndi 7 dB kuti yotuluka mumlengalenga ikhale yomwe ija. Mwapindulabe 7 dB kumbali yolandira, siginolo yafika -54 mu Seputembala ndi -61 mu Disembala. Tsopano 256-QAM ili ndi 5 dB yopumira m'chilimwe, 64-QAM 5/6 ikugwira m'dzinja, ampulifaya ikugwira ntchito momasuka pa 13 dBm ndiye madontho ake ndi oyera, ndiponso mbale yayikulu imaona mopapatiza, marediyo a anansi amene ali chammbali sakulowanso kwambiri. Kuipa kwake ndi ndalama, komanso mbale yoona mopapatiza imafuna kulozetsa mosamala ndi paipi yolimba yomangidwa ndi mawaya, apo ayi mphepo ya mwera ikubwezerani mavuto omwe aja. Kukweza paipi kuti mudutse pamwamba pa mlambe nthawi zina ndi kotchipa kuposa zonsezi ndipo kumachotsa 7 dB ija pa gwero pake.

Nanga bwanji osangoisiya rediyo izisankha yokha? Nthawi zambiri ndi zimene muyenera kuchita, ndipo ndi mmene imabwerera kuchokera kufakitale. Pa Linux pali njira yotchedwa Minstrel imene imayesa masitepe osiyanasiyana ndi mapaketi ochepa, n'kumawerenga kuti ndi iti ikufikitsa deta yambiri, ndiye mlambe ukavala masamba imatsika yokha, ukayoyola imakwera. Pamene imavutika ndi pamene phokoso likubwera mwa kanthawi, rediyo ya mnansi ikalankhula kenako n'kukhala chete, chifukwa imakwera, imagwa, imatsika, imakweranso, tsiku lonse. Pamenepo chimene ndimachita ndi kuisiya izisankha yokha koma kuiikira denga, kunena kuti usapitirire MCS yakutiyakuti, sitepe imodzi pansi pa pamene imayamba kulephera. Kuika denga ndi kukhomerera ndi zinthu ziwiri zosiyana, denga limailola kutsika zinthu zikavuta pomwe kukhomerera kumaimanga manja.

Kuti mudziwe chimene chikuchitika pa linki yanu, ngati rediyo kapena rawuta yanu ili ndi Linux mkati monga za OpenWrt, malamulo awiri awa akukwanirani, dzina la wlan0 musinthe ngati lanu ndi lina:

```
iw dev wlan0 station dump
iw dev wlan0 survey dump
```

Loyamba likuonetsani `signal`, `tx bitrate`, `tx retries` ndi `tx failed`, lachiwiri likuonetsani `noise` ndi nthawi imene chanelo yakhala yotanganidwa, ngati dalaivala wa rediyoyo amapereka zimenezi. Muwerenge kawiri motalikitsa mphindi imodzi pamene linki ikugwira ntchito, chifukwa manambala a mapaketi amangowunjikana kuyambira pamene inalumikizana. `signal` ikakhala yatsika poyerekeza ndi tsiku limene munaimanga, vuto ndi njira, mtengo, madzi mu konekita kapena mbale yapotoka. `signal` ikakhala yomweyo koma `tx retries` ikuthamanga ndipo chanelo ikuoneka yotanganidwa ngakhale inu simukutumiza kanthu, ndi anansi, ndipo apa kugula ampulifaya ndi kutaya ndalama, sinthani chanelo kapena ipapatizeni. Izi anthu amazisokoneza kwambiri chifukwa timizere ta siginolo timaonetsa todzaza, koma QAM siisamala kuti siginolo ndi yamphamvu bwanji payokha, imasamala kuti yaposa phokoso ndi zingati. Siginolo ya -61 pamwamba pa phokoso la -95 ndi mpata wa 34 dB, siginolo yomweyo phokoso litakwera kufika -85 mpata watsala 24, ndipo 10 dB yatayikayo ndi yoposa sitepe imodzi ndi theka ya QAM. Ndipo `signal` ikakhala yamphamvu, chanelo ili yoyera, koma MCS yapamwamba ikukanabe, tsitsani mphamvu ya wotumiza ndi ma dB atatu kapena anayi muone, ikakwera ndiye kuti ampulifaya imafinya madontho. Pa malinki aafupi kwambiri wolandira nayenso amatha kudzazidwa mopyola, mankhwala ake ndi omwewo.

Pali mtundu wina wa phokoso umene sukankha madontho uku ndi uku koma umazunguza thabwa lonse pang'ono, umachokera ku kunjenjemera kwa wotchi ya mkati mwa rediyo. QPSK imapirira kuzungulira mpaka madigiri 45 dontho lisanalowe m'dera la linzake, 16-QAM pafupifupi 17, 64-QAM pansi pa 8, 256-QAM pansi pa 4. Ichi simungachikonze muli padenga, chinabadwa ndi rediyoyo, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene marediyo awiri olembedwa 256-QAM pakatoni amachitira zosiyana pa paipi imodzi.

Sindikunena kuti QAM yokwera ndi yachabe. Ili ndi kwawo. M'mawaya a kebulo a DOCSIS 3.1 4096-QAM imayenda chifukwa siginolo yatsekeredwa mu waya, ndipo Wi-Fi 7 nayo ili ndi 4096-QAM imene imagwira bwino foni ikakhala pafupi ndi rawuta m'chipinda chimodzi. Paliponse pamene chanelo ndi yodula kapena yosowa koma mpata wa siginolo ndi phokoso ulipo wambiri, madontho ambiri ndiye njira yokhayo yowonjezerera liwiro. Kumbali inayo masetilaiti a TV, amene siginolo yake imafika yofooka kwambiri ndipo ampulifaya yake imagwira ntchito pafupi ndi malire, amadalira QPSK ndi 8PSK zimene madontho ake onse ali pa msinkhu umodzi.

Pa linki yathu ya makilomita awiri ija, nditapatsidwa ine, ndingayambe ndi sikani. Mlengalenga mukakhala moyera ndipita pa 40 MHz, rediyo izisankha yokha koma denga pa 64-QAM 2/3, imene pa chanelo imeneyi ndi 108 Mbps pa -63 dBm, ndikudziwa kuti m'dzinja itsikira pa 54. Mukakhala modzaza ndikhala pa 20 MHz, denga pa MCS 7, ndipo ndalama zikapezeka zipite ku mbale za 23 dBi ndi paipi yotalikirapo osati ku rediyo yatsopano yolembedwa 1024-QAM, chifukwa pa -61 dBm sitepe imeneyo siidzayaka ngakhale tsiku limodzi. Ndipo tsiku lomanga ndilemba `signal` ya mbali zonse ziwiri pa kapepala ndi kukamata mkati mwa kabati, kuti mu Disembala wina akadzaimba foni tidzakhale ndi poyerekezera.